Ziganizo ziwiri zimene zimatsegulira akauntanti chitseko cha ntchito

Bungwe likalengeza mu The Nation kapena The Daily Times kuti likufuna mkulu wa za chuma, makalata ofunsira ntchito amafika ali mulu. Nthawi zambiri amene amayamba kuwasanthula si akauntanti ayi. Amakhala wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, pepala la zofunika pa udindowo lili pambali, ndipo ntchito yake n'kupatula CV zoti zipite patsogolo ndi zoti zibwerere m'katoni. Munthu ameneyu sawerenga tsamba lililonse. Amaponya diso pamwamba pa tsamba loyamba, akapezapo zimene akufuna ndiye amatsika m'munsi.

Kampani ina ya ku America yothandiza anthu kupeza ntchito, yotchedwa Ladders, inayesa kuthamanga kwa diso limeneli pogwiritsa ntchito makina otsatira pamene munthu akuyang'ana. Mu 2012 inapeza kuti olemba anthu ntchito amatha masekondi 6 pa CV asanaganize zoisunga kapena kuitaya, ndipo itabwereza mu 2018 inapeza masekondi 7.4. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa, komanso wa dziko lina, koma aliyense amene anakhalapo pa komiti yosankha anthu oti aitanidwe ku intavyu amadziwa kuti kuwerenga koyamba kumakhala kwa liwiro.

Nanga pamwamba pa CV zambiri za ku Malawi pamakhala chiyani? Pamakhala tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma lochokera, mpingo, ndiponso ngati mwini wake ali pabanja. Akauntanti amene wagwira ntchito zaka khumi ndi kuposa amakhala ndi CV ya masamba atatu kapena anayi, ndipo chinthu champhamvu kwambiri chimene anachitapo chimakabisala pakati pa tsamba lachiwiri. Chidule cha ziganizo ziwiri, cholembedwa mmunsi mwenimweni mwa dzina ndi nambala ya foni, chimachotsa chinthu chimenechi kobisikako n'kuchiika pamene diso limayambira.

Chidule chimene sichinena kanthu

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina anayamba ntchito mu 2013 pa kampani yaing'ono ya maodita ku Blantyre, komwe anakhala zaka zitatu akufufuza mabuku a makampani ena. Mu 2016 anapita ku kampani yopanga ndi kugulitsa katundu, mu 2018 anakhala membala wa ACCA, ndipo kuyambira mu 2021 wakhala akuyendetsa chuma cha bungwe lomwe si la boma ku Lilongwe. Pofika 2025 waona chilengezo cha bungwe lina lalikulupo, lofuna mkulu wa za chuma. CV yake, monga CV zonse za ntchito yotere, idzalembedwa m'Chingerezi, koma zitsanzo zili pano zaikidwa m'Chichewa chifukwa kaganizidwe kake n'kamodzi.

Poyamba mayiyu analemba motere: "Ndine munthu wolimbikira ntchito, wokhulupirika, wotha kugwira ntchito ndi anzanga komanso popanda wondiyang'anira. Ndikufuna mwayi wokulitsa luso langa pa bungwe lodziwika bwino."

Palibe bodza m'mawu amenewa, koma mulibenso akauntanti. Namwino, dalaivala ngakhale mnyamata amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4 akhoza kuwakopera onse osasintha ngakhale liwu limodzi. Kukhulupirika sikutsimikizika chifukwa choti mwini wake wanena, popeza palibe wofunsira ntchito amene amalemba kuti ndi wakuba. Chiganizo chachiwiricho chikunena zimene mayiyu akufuna kulandira, pamene wowerenga akufunafuna zimene bungwe lake lidzapindule. Mawu otere amamukhululukira wongochoka kumene pa koleji, amene alibe china cholozapo. Kwa munthu wa zaka 12 pa ntchito, amaononga malo abwino kwambiri pa tsamba lonse.

Ziganizo ziwirizi zili ndi ntchito zosiyana. Choyamba chimanena kuti munthuyu ndani pa ntchito ya za ndalama, chachiwiri chimapereka umboni wa zimene anasinthapo kumene wagwirako.

Choyamba: mapepala, zaka ndi kukula kwa ntchito

Chiganizo choyamba chimayamba ndi mapepala, chifukwa ndi amene wosankha uja amayamba kuchonga. Zilengezo zambiri za maudindo akuluakulu a za chuma ku Malawi zimafuna munthu amene anamaliza ACCA, CIMA kapena maphunziro a ICAM, komanso amene ndi membala wa ICAM, bungwe la maakauntanti m'dziko muno. Akapanda kuona zilembo zimenezi pa mzere woyamba, wowerenga wothamanga akhoza kuganiza kuti palibe.

Pano m'pamene ena amadzikola okha. Kukhoza mayeso onse a ACCA si kukhala membala. Bungweli limafunanso kuti munthu amalize phunziro la makhalidwe oyenera pa ntchito ndiponso aonetse miyezi 36 ya ntchito yovomerezeka, ndipo zilembo za ACCA amaziika kumapeto kwa dzina lake pokhapokha umembala utatuluka. Amene watsala ndi mapepala awiri alembe kuti watsala ndi mapepala awiri. Zimenezi n'zosavuta kuzifufuza, ndipo akauntanti amene wakokomeza mapepala ake pa mzere woyamba wadzichotsera yekha chinthu chimene amagulitsa, chomwe ndi kukhulupirika kwa zolemba zake.

Zaka nazo zimafuna kuziwerenga bwino. Mayi wathu wagwira ntchito zaka 12, koma chilandirireni umembala papita zaka 7. Zilengezo zina zimatchula zaka za ntchito basi, zina zimanenetsa kuti zikhale zaka zogwira munthu atavomerezedwa kale. Ngati chilengezo chikufuna zaka zisanu za mtundu wachiwiriwu, nambala 7 ndiyo ikuyankha funso, ndipo iyenera kuoneka. Mawu oti "zaka zambiri" sayankha funso lililonse.

Kenako pamabwera mtundu wa ntchito. Akauntanti wa m'boma, amene amagwiritsa ntchito IFMIS ndipo chaka chake cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, amakhala ndi tsiku losiyana kwambiri ndi la mnzake wa ku fakitale, amene amalimbana ndi mtengo wa katundu wa m'nyumba yosungira, kapena wa ku bungwe la chithandizo, amene wopereka ndalama aliyense amamufunsa lipoti la mtundu wakewake. Mayiyu wadutsa m'makomo atatu, koma chiganizo sichinganyamule onse mofanana. Popeza akufunsira ku bungwe lomwe si la boma, zaka zinayi za ku Lilongwe ndizo zikhale patsogolo.

Chotsiriza ndi kukula kwa zimene ankayendetsa. Udindo woti "akauntanti wamkulu" umapezeka pa sitolo ya anthu khumi komanso pa kampani ya anthu chikwi. Chimene chimawasiyanitsa ndi kuchuluka kwa ndalama, kwa anthu owayang'anira kapena kwa nthambi. Nambala imodzi yokha pa zimenezi ndi yokwanira. Chiganizo cha mayiyu tsopano chikumveka motere:

"Akauntanti wovomerezeka, membala wa ACCA ndi ICAM, wa zaka 12 pa ntchito, 7 mwa izo chilandirireni umembala, amene kuyambira 2021 akuyendetsa chuma cha mapulojekiti a madola 3 miliyoni pa chaka ochokera kwa opereka thandizo anayi."

Mawu oti "ine" kapena "ndine" achoka. Umu ndi mmene chidule chimalembedwera kawirikawiri, chifukwa dzina lili kale pamwambapo ndipo malo ndi ochepa.

Chachiwiri: chimene chinasintha iye atafika

Chiganizo chachiwiri ndicho chimavuta, ndipo chifukwa chake chili m'mtundu wa ntchitoyi. Wogulitsa malonda akagwira bwino, ndalama zolowa zimakwera, aliyense n'kuona. Akauntanti akagwira bwino, zimaoneka ngati palibe chachitika: malipiro atuluka pa tsiku lake, MRA sinabwere ndi chindapusa, maodita afika n'kubwerera mwamtendere. Choncho ambiri amangondandalika maudindo awo a tsiku ndi tsiku, monga kukonza malipoti a mwezi, kuyanjanitsa mabuku ndi zolemba za kubanki ndi kulipira misonkho.

Koma udindo si chipambano. Kutumiza PAYE pofika pa 14 mwezi wotsatira ndi VAT pofika pa 25 ndi lamulo, ndipo akauntanti aliyense amene sanachotsedwe ntchito amachita zimenezo. Zoterezi malo ake ali m'munsi mwa CV, pofotokoza ntchito iliyonse payokha. Pamwamba pamafunika chinthu chokhala ndi mbali ziwiri: mmene zinthu zinalili iye asanafike, ndi mmene zinakhalira atazigwira.

Ambiri amachita manyazi pano, poopa kuoneka odzitama. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kunena kuti ntchito ya masiku 15 tsopano imatenga masiku 8 si kudzitama, ndi kupereka lipoti, ndipo kupereka lipoti ndiyo ntchito ya akauntanti.

Atakhala pansi ndi mafayilo ake akale, mayi uja anapeza zinthu ziwiri. Pamene ankafika pa bungwelo, kutseka mabuku a mwezi kunkatenga masiku 15 ogwira ntchito. Chimene chinkachedwetsa chinali chodziwika: ogwira ntchito kumidzi ankatenga ndalama za ulendo ndi za misonkhano, malisiti n'kumabwera patapita milungu, ndipo kuyanjanitsa mabuku ndi zolemba za kubanki kunkayembekeza mwezi uthe. Iye anakhazikitsa tsiku lomaliza lobweretsera malisiti, n'kulamula kuti amene sanawerengere ndalama zakale asapatsidwe zina, komanso anayamba kuyanjanitsa za kubanki mlungu uliwonse. Masiku anatsika kufika pa 8. Chachiwiri, kwa zaka zitatu zotsatizana maodita ochokera kunja kwa bungwe anatulutsa lipoti loyera, kutanthauza kuti anavomereza kuti mabuku akusonyeza chithunzi choona cha chuma cha bungwelo, popanda mbali imene anaikayikira.

Nkhani yonseyi singalowe m'chiganizo chimodzi, ndipo siyenera kulowamo. Za malisiti ndi za kubanki azisungire ku intavyu. Pa CV pangofunika izi:

"Anachepetsa masiku otsekera mabuku a mwezi kuchoka pa 15 kufika pa 8, ndipo anatsogolera gulu la anthu asanu pokonzekera maodita zaka zitatu zotsatizana, malipoti onse n'kutuluka oyera."

Mneni aliyense m'chiganizochi wasankhidwa mosamala. Kuchepetsa masiku inali ntchito ya mutu wake, choncho "anachepetsa" ndi zoona. Lipoti loyera ndi chipatso cha ofesi yonse, choncho akuti "anatsogolera gulu". Akanakhala kuti ankangothandiza bwana wake, akanayenera kulemba kuti anathandiza. Dziko la maakauntanti ku Malawi ndi laling'ono, ndipo si zachilendo kupeza kuti mmodzi wa ofunsa mafunso ku intavyu anaphunzira kalasi imodzi ndi bwana wakaleyo.

Manambala amene amaluma mwini wake

Mphunzitsi kapena mtolankhani akalakwitsa nambala pa CV, mwina palibe angazindikire. CV ya akauntanti ikadutsa pa wosankha woyamba uja imakafika m'manja mwa maakauntanti anzake, anthu amene ntchito yawo ndi kufunsa kuti nambala iyi yachokera pati. Kuchoka pa masiku 15 kufika pa 8 ndi kutsika ndi 47 pa 100 iliyonse. Wolemba kuti "ndi theka" wadziwonjezera pang'ono, ndipo wina pa tebulo adzawerengetsa m'mutu. Kulemba manambala awiri enieniwo kumachotsa mkangano wonse.

Kwacha ili ndi msampha wakewake. Ndalamayi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tsono akauntanti amene walemba kuti bajeti imene ankayendetsa inakula kuchoka pa K1.18 biliyoni kufika pa K1.7 biliyoni m'nyengo imeneyo, kwa wowerenga wodziwa wangonena kuti bajetiyo inali madola 1 miliyoni ndipo inakhalabe madola 1 miliyoni. Njira yabwino ndi kutchula chaka pambali pa nambala ya makwacha, kapena kugwiritsa ntchito ndalama imene thandizolo linabwerera ngati linali la madola kapena mapaundi. Miyeso ina, monga masiku, kuchuluka kwa nthambi kapena kwa anthu olandira malipiro, siguga ndi kugwa kwa kwacha, ndipo nthawi zambiri ndiyo imakhala yolimba.

Palinso malire a chinsinsi. Kusunga chinsinsi cha amene ukumugwirira ntchito ndi imodzi mwa mfundo zisanu zikuluzikulu za makhalidwe a maakauntanti padziko lonse, ndipo sikutha munthu akasiya ntchito. Kampani imene ili pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange imasindikiza yokha zotsatira zake, choncho kutchula nambala yosindikizidwa kale si vuto. Koma phindu la kampani ya banja, kapena kuchuluka kwa ndalama zimene zinabedwa pa ofesi ina iye n'kuzitulukira, si zoyala pa pepala limene lidzadutsa m'manja mwa anthu osawadziwa. Angathe kunena kukula kwa kampaniyo mongoyerekeza, kapena kunena kuti anakhwimitsa njira zovomerezera malipiro, osatchula mlandu. Wolemba ntchito wanzeru akaona zinsinsi za ena pa CV amadziwa kuti zake nazo zidzayenda chimodzimodzi.

Munthu mmodzi, ntchito ina, chidule china

Patapita milungu iwiri, tinene kuti mayi yemweyu waona chilengezo china, cha kampani yopanga zakumwa ku Blantyre. Kumeneko za opereka thandizo anayi zilibe ntchito kwenikweni. Chilengezocho chikutchula IFRS, pulogalamu ya Sage, misonkho ndi kutolera ngongole. Chidule chake chiyenera kutembenuka, zaka za ku fakitale zija n'kubwera patsogolo:

"Akauntanti wovomerezeka, membala wa ACCA ndi ICAM, wa zaka 12 pa ntchito, zisanu mwa izo pa kampani yopanga ndi kugulitsa katundu, wozolowera IFRS, Sage ndi misonkho ya MRA. Pakati pa 2018 ndi 2021 anatsitsa masiku amene makasitomala ankatenga kuti alipire ngongole kuchoka pa 75 kufika pa 50, ndipo kumene ali pano wachepetsa masiku otsekera mabuku a mwezi kuchoka pa 15 kufika pa 8."

Palibe chabodza chimene chalowapo, changosintha ndi chimene chatsogola. Zaka za chipambano chakalecho zatchulidwa poyera kuti wowerenga asaganize kuti ndi za dzulo, ndipo chaphatikizidwa ndi china chatsopano posonyeza kuti dzanja silinazizire.

Mayina monga IFRS ndi Sage alembedwa ndendende mmene alili m'chilengezo, ndipo pali chifukwa chake. Wosankha woyamba uja, amene si akauntanti, amafananiza mawu a pa CV ndi a pa pepala lake, ndipo sangadziwe kuti "malamulo a dziko lonse a kalembedwe ka malipoti a chuma" ndi IFRS yomweyo. Mabungwe akuluakulu amene amalandira makalata kudzera pa intaneti amagwiritsanso ntchito mapulogalamu ofufuza mawu otere. Koma dzina lililonse lolembedwa pamwamba ndi chiitano cha funso. Amene anangoona SAP pa kompyuta ya mnzake asaitchule, chifukwa adzafunsidwa mbali imene ankagwiritsa ntchito. Ndipo mayina awiri kapena atatu ndi okwanira. Mndandanda wa mapulogalamu asanu ndi atatu umasandutsa chiganizo kukhala katalogi.

Wofunsira ntchito kunja ali ndi chimodzi choonjezera. Zilembo za ACCA ndi CIMA zimadziwika ku Britain, ku South Africa ndi kwina, koma ICAM ndi MRA ziyenera kulembedwa mayina onse kamodzi, chifukwa wowerenga wa ku Leeds kapena ku Johannesburg mwina sanazimvepo.

Kuyesa ngati zakhala bwino

Chidule chikatha, pali njira zitatu zosavuta zochiyesera. Yoyamba ndi kuphimba dzina ndi chala n'kufunsa ngati akauntanti wina wa pa ofesi yomweyo angatenge ziganizozo kukhala zake. Ngati angathe, ndiye kuti zikadali za aliyense. Yachiwiri ndi kudutsa nambala iliyonse ndi dzina lililonse n'kufunsa kuti pepala lake lili kuti: satifiketi ya umembala, lipoti la maodita, kalata ya bwana. Chimene chilibe pepala kapena mboni chichoke. Yachitatu ndi kuwerenga mokweza. Mpweya ukathera pakati pa chiganizo, ndiye kuti mwini wake walumikiza ziganizo zinayi ndi mipatuliro n'kumazitcha ziwiri. Pa tsamba, chidule chabwino sichipitirira mizere inayi.

Pomaliza pamafunika kuonetsetsa kuti zimene zanenedwa pamwamba zikupezekanso m'munsi. Ngati chidule chati zaka 12, zaka zolembedwa pa ntchito iliyonse ziphatikizane n'kukwana 12. Ngati chati masiku 8, nambala yomweyo ipezeke pansi pa dzina la bungwe limene zinachitikira. N'chifukwa chake odziwa amalemba chidule pomaliza, CV yonse itatha, ngakhale kuti chimakhala poyamba.

Akauntanti amene ali ndi CV yakale m'kompyuta aitsegule, ayike chilengezo cha ntchito pambali, ndipo asanalembe liwu lililonse ayambe wafufuza m'mafayilo ake nambala ziwiri: mmene zinthu zinalili pamene ankafika pa ntchito yake yaposachedwa, ndi mmene zilili lero.